Kompyuta ikamazima yokha pa ntchito yolemera: ndi kutentha kapena magetsi?

"Zikomo, ndili ndi situdiyo yaing'ono kuno ku Salima yokonzera mavidiyo a maukwati ndi zinkhoswe. Kompyuta yanga ili ndi pulosesa ya Core i5-9400F ndi khadi la zithunzi la RX 580 lomwe ndinachita kuwonjezera. Pawasapulayi ndi yomwe inabwera ndi bokosi, yolembedwa 500W, ndipo zonse ndazilumikiza ku UPS ya 650VA. Ndikamalemba makalata imayenda bwino, koma ndikangoyamba kutulutsa vidiyo yaitali imazima n'kuyakanso yokha osalemba chilichonse. Wina wandiuza kuti ndiikenso Windows. Kodi vuto lili pati?"

Zoikanso Windows yambani mwazisiya kaye, bambo, chifukwa mungataye tsiku lonse la ntchito vuto n'kukhala pomwepo. Windows ikalephera payokha, kawirikawiri imaonetsa sikirini yabuluu kapena yakuda ndi kusiya nambala yofotokoza chimene chalakwika, pomwe makina amene mphamvu yawathera mwadzidzidzi sapeza mpata wolemba kanthu. Kuti mudziwe mbali imene muli, dinani batani la Windows pamodzi ndi R, kenako lembani izi:

```
eventvwr.msc
```

Lowani mu Windows Logs, kenako mu System, ndipo fufuzani mzere wa Kernel-Power wokhala ndi nambala 41 pa nthawi imene kompyuta inazima. Mzere umenewu paokha umangotanthauza kuti makina sanazimitsidwe mwadongosolo, ndipo umalembedwanso ngakhale pamene magetsi athima m'tauni monse. Chofunika chili pa Details, pamene palembedwa BugcheckCode. Ngati pali nambala ina yosakhala 0, ndiye kuti Windows inaliona vuto lisanaigwetse, ndipo mukayikire dalaiva wa khadi la zithunzi kapena memore. Ngati pali 0, monga mmene ndikuganizira malinga ndi kufotokoza kwanu, tatsala ndi zinthu ziwiri zoyenera kuyamba nazo: kutentha ndi mphamvu ya magetsi.

Ziwirizi zimasiyana pa kachitidwe kake, ndipo nthawi imene makina amatenga asanazime ndi mboni yoyamba. Kutentha kumakwera pang'onopang'ono. Pulosesa yanuyo malire ake ndi madigiri 100, ndipo ikafika pamenepo siithamangira kuzima, koma imayamba yadzichepetsera liwiro kuti izizire, moti mumamva mafani akulira kwambiri ndi kuona ntchito ikuchedwa kwa mphindi zingapo. Ikalephera kudziziziritsa m'pamene imazimitsa makina, ndipo nthawi zambiri amazimiratu osayakanso okha. Chizindikiro china n'chakuti mukawayatsa pomwepo n'kubwereza ntchito yomweyo, amazima msanga kuposa poyamba, chifukwa zitsulo zimakhala zisanazizire. Vuto la mphamvu silichenjeza. Limabwera pa kamphindi kamene pulosesa ndi khadi la zithunzi zakoka magetsi ambiri nthawi imodzi, ndipo makina amathima n'kuyakanso ngati munthu wadina batani. Komabe musadalire zizindikirozi pazokha, chifukwa pawasapulayi nayo imafooka ikatentha, ndipo yomwe imapirira m'mawa ikhoza kugonja masana a mu Okutobala m'chipinda cha malata kuno kunyanja. N'chifukwa chake tiyenera kuyeza.

Ikani pulogalamu ya HWiNFO64 ndi kuitsegula pa Sensors-only. Pansi pa zenera lake pali batani loyambitsa kulemba zonse zimene ikuyeza mu fayilo, ndipo musaiwale kulidina, popeza kompyuta ikazima manambala a pa sikirini amapita nayo, koma fayiloyo imasunga mizere ya masekondi otsiriza. Yang'anirani CPU Package, GPU Temperature ndi liwiro la mafani. Kenako tengani pulogalamu ya OCCT, yomwe imalemetsa chiwalo chimodzi pachokha, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani yonse: musayeze zonse pamodzi poyamba. Yambani ndi pulosesa yokha kwa mphindi 15. Isiyeni izizire, kenako yezani khadi la zithunzi lokha kwa mphindi 15 zinanso. Pomaliza sankhani Power, yomwe imalemetsa ziwirizi nthawi imodzi. Musanayambe, koperani mavidiyo a makasitomala anu pa disiki yapadera, chifukwa mukuitana dala kuzima komwe kukhoza kuononga fayilo yotsegula.

Tiyerekeze kuti pulosesa payokha yakhazikika pa madigiri 78, khadi palokha lafika pa 76, zonse zamaliza mphindi zake bwinobwino, koma pa Power makina athima pasanathe mphindi imodzi, mzere wotsiriza mu fayilo ukusonyeza madigiri osafika 70. Pamenepo kutentha kwachoka pa mlandu, chifukwa ziwalo zomwezo zinapirira kutentha kokwera kuposa kumeneko pamene zinali kugwira ntchito payokhapayokha. Koma ngati pulosesa payokha yakwera kufika 95 kapena 100 m'mphindi ziwiri zoyambirira, ndipo mzere wa Core Thermal Throttling wasintha kukhala Yes, imitsani mayesowo, vuto lili pa choziziritsa.

Kukonza kutentha si ntchito yaitali. Zimitsani makina, zulani chingwe kukhoma, tsegulani bokosi ndi kupemerera fumbi limene lamatirira pakati pa timapepala tachitsulo ta choziziritsa, mutagwira fani ndi chala kuti isazungulire ndi mphepoyo. Fumbi la nyengo ya mwera likasakanikirana ndi chinyezi cha kunyanja limagwirana ngati bulangeti, moti lina limafuna kabulashi kofewa. Choziziritsa chimene chimabwera ndi mapulosesa a Intel a mtundu wanuwu chimagwira pa bolodi ndi timapini tinayi tapulasitiki, ndipo kamodzi kakamasuka, monga zimachitikira makina akayenda pa kabaza kapena pa minibasi, chitsulo chimapendekeka n'kuleka kukhudza pulosesa mokwanira. Chigwedezeni pang'ono, sichiyenera kusuntha. Mukachichotsa, pukutani pesiti yakale youma ndi kansalu konyowetsa ndi sipiriti, ndipo ikani yatsopano yochuluka ngati njere imodzi ya nandolo pakati pa pulosesa. Bokosi lichoke pansi ndi pakona, likhale pamalo podutsa mpweya.

Koma ine ndikukayikira kwambiri pawasapulayi yanu, ndipo chifukwa chake ndi masamu. Nambala ya 500W yolembedwa ndi zilembo zikuluzikulu siikuuzani zokwanira. Pulosesa ndi khadi la zithunzi zimadya kuchokera ku nthambi ya mavoti 12, choncho yang'anani pa chomata cha m'mbali mwa pawasapulayi, pezani pamene palembedwa +12V, ndipo nambala ya maampiya yomwe ili pansi pake muichulukitse ndi 12. Ngati palembedwa 18A, ndiye kuti nthambiyo imapereka mawati 216 okha, ndipo ena onse a pa 500 aja awerengedwa pa nthambi za mavoti 5 ndi 3.3 zomwe makina amasiku ano sazilemetsa kwenikweni. Tsopano werengani katundu wanu. RX 580 inapangidwa kuti izidya mpaka mawati 185, pulosesa yanu ndi ya mawati 65, ndipo mukawonjezera mafani, madisiki ndi bolodi mukuyandikira 290. Khadi la zithunzi limakhalanso ndi timphindi tating'ono kwambiri timene limakoka mopitirira mlingo wake. Polemba kalata makina onse sadya ngakhale theka la zimenezi, n'chifukwa chake mumaona ngati ali bwino. Pawasapulayi yabwino ya mawati 500, yomwe ndi imene kampani ya AMD imalangiza pa khadi limeneli, imapereka maampiya pafupifupi 40 pa nthambi ya mavoti 12.

Onaninso mmene khadilo lalumikizidwira. Limafuna pulagi ya mapini 8, ndipo mapawasapulayi otsika mtengo ambiri sakhala nayo, kotero anthu amagula kachingwe kosinthira kuchokera ku pulagi ya disiki. Pulagi ya SATA siinapangidwire mawati 150 omwe pulagi ya mapini 8 imaloledwa kunyamula, ndipo imatentha mpaka kusungunuka. Zulani mapulagi onse, ya mapini 24, ya pulosesa ndi ya khadi, muone ngati pali pamene pada kapena pakununkha pulasitiki yopsa, kenako muwabwezere mpaka kachogwirira kake katalira.

HWiNFO64 imaonetsanso mzere wa +12V, ndipo muyezo wa ATX umalola kuti nthambiyi ikhale pakati pa 11.4 ndi 12.6. Mukaona ikutsika kufika 11.3 ntchito ikangoyamba, umenewo ndi umboni wabwino. Mukaona 12.0 yosasuntha, musafulumire kunena kuti pawasapulayi ilibe mlandu, chifukwa kachipangizo koyezera ka pa bolodi sikalondola kwenikweni, ndipo kutsika kumene kumazimitsa makina kumachitika mofulumira kuposa mmene pulogalamu imawerengera. Mita yoyezera magetsi, mutaigwiritsa pa waya wachikasu ndi wakuda wa pulagi yosagwiritsidwa ntchito, imapereka nambala yodalirika kuposa pamenepo, ngakhale nayonso siiona kutsika kwa kamphindi. Chinthu chimodzi ndikukupemphani: musatsegule pawasapulayi yeniyeniyo, popeza makapasita a mkati mwake amasunga mavoti oposa 300 ngakhale chingwe chitazulidwa.

Pali kuyesa kwina kosafuna ndalama. Mu pulogalamu ya AMD Software, pa Performance kenako Tuning, tsitsani Power Limit ndi 30 peresenti, ndipo mubwereze mayeso a Power aja. Makina akapirira tsopano, pomwe fayilo ija inasonyeza kale kuti kutentha kunali kochepa, ndiye kuti mwatsimikiza kuti mphamvu ndi imene imaperewera. Mukhoza kumalizira motero vidiyo ya kasitomala amene akudikira, koma kumeneko n'kungopepuza katundu, pawasapulayi idakali yofooka.

Musanagule chilichonse, chotsani kaye UPS pa mzere. Nambala ya 650VA si mawati 650. Ambiri a msinkhu umenewu amanyamula mawati apakati pa 360 ndi 390. Makina ofuna mawati 290 mkati mwake amakoka pafupifupi 360 kukhoma, chifukwa gawo lina limatayika ngati kutentha mu pawasapulayi, ndipo mukaphatikiza sikirini ndi masipika mwafika kale pa malire. Magetsi akatsika pang'ono madzulo, UPS imasamukira ku batire, ndipo batire lokalamba silingasenze katundu wotere. Lumikizani kompyuta mwachindunji kukhoma, popanda ekisitenshoni, pa nthawi imene magetsi ali okhazikika, ndipo muyesenso. Kuzima kukatha, sinthani batire kapena pezani UPS ya 1000VA kupita m'mwamba.

Kukapitirira, bwerekani pawasapulayi yodziwika kuti ndi yabwino kwa wokonza makompyuta ku Kamuzu Road, kapena nyamulani bokosi lanu mukayesere komweko, mayeso a Power atenge mphindi 30. Ikapirira, gulani ya mawati 550 kapena 650 yokhala ndi pulagi yakeyake ya mapini 8, ndipo muwerenge nokha chomata chake muli m'sitolo momwemo kuti +12V ikupereka maampiya osachepera 40. Makina akazimabe ndi pawasapulayi yabwinoyo, yesani memore imodziimodzi, kenako chotsani khadi la zithunzi mukaliyese m'kompyuta ina. Dziwani kuti pulosesa yokhala ndi F kumapeto kwa dzina ilibe mbali yoonetsera zithunzi, choncho mudzafunika kubwereka khadi lina kuti sikirini iyake pamene lanulo latuluka.