Sikelo sidziwa kusiyanitsa minofu ndi mafuta

"Ndimanyamula zitsulo, ndine wamtali mamita 1.80 ndipo ndimalemera makilogalamu 94. Kuchipatala anandiuza kuti BMI yanga ndi 29, kotero ndichepetse thupi. Kodi ndiwamvere?"

Funso lanu landikhudza kwambiri, chifukwa inenso ndinauzidwapo zomwezo. Amene anandiyeza anangoona nambala papepala n'kundilangiza kuti ndizidya pang'ono, osandifunsa n'komwe zimene ndimachita, pamene malaya anali atandithina m'mapewa koma lamba ali wokhwepa. Ndinachoka ndili wokhumudwa, ndipo mpaka lero ndimaona kuti si bwino kupereka malangizo otere kwa munthu usanamuyeze kukula kwa mimba ndi tepi.

BMI ndi nambala yoyerekeza kulemera kwa munthu ndi msinkhu wake, ndipo imapezeka pogawa kulemera kwa munthu ndi kutalika kwake kochulukitsidwa ndi kutalika komweko. Kwa inu, 1.80 kuchulukitsa ndi 1.80 ndi 3.24, ndipo 94 kugawa ndi 3.24 ndi 29. Malinga ndi bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO, kuyambira 25 mpaka 29.9 ndiye kuti munthu wapitirira kulemera koyenera, ndipo kuyambira 30 ndi kunenepa kwambiri. Koma m'masamu amenewa mulibe chilichonse chofunsa kuti makilogalamuwo ndi a chiyani. Adolphe Quetelet wa ku Belgium, amene anayambitsa kuwerengaku m'zaka za m'ma 1830, ankafufuza za anthu ochuluka pamodzi, osati kupima thanzi la munthu mmodzi.

Taganizirani amuna awiri ofanana nanu msinkhu ndi kulemera. Woyamba ali ndi mafuta okwana 15 peresenti ya thupi lake, omwe ndi makilogalamu pafupifupi 14, pamene wachiwiri ali ndi 30 peresenti, makilogalamu 28. Onsewa BMI yawo ndi 29, koma amene ali pachiopsezo chachikulu cha matenda a shuga ndi a mtima ndi wachiwiriyo, makamaka ngati mafutawo aunjikana m'mimba mozungulira chiwindi ndi matumbo.

Komabe sindikugwirizana ndi anzathu ambiri onyamula zitsulo amene amangoti "zonsezi ndi minofu" n'kukana kuyezedwa. Minofu yochuluka chonchi imabwera patapita zaka zambiri munthu akulimbikira, ndipo ambiri amene amadya kwambiri pofuna kukula thupi amawonjezera minofu ndi mafuta omwe. Manja akuluakulu sachotsa vuto la mimba yotuluka.

Choncho tengani tepi muyeze mimba yanu pakati pa nthiti yomaliza ndi pamwamba pa fupa la m'chiuno, mutatulutsa mpweya bwinobwino, osakokera mimba m'kati. Muyezowo usafike theka la kutalika kwanu, kutanthauza kuti kwa inu ukhale wochepera masentimita 90. Ngati uli 84, ndipo shuga ndi kuthamanga kwa magazi zili bwino, nambala ya 29 ikuchokera makamaka ku minofu ndipo palibe chifukwa chodzimana chakudya. Ngati wafika 98, achipatalawo ananena zoona, ngakhale mutakhala wamphamvu chotani.