Medikolo eidi ku Joni: kugona m'chipatala osatulutsa ndalama, kapena kulipira kaye n'kukabwezeredwa

Abale amene mwangofika kuno ku South Africa, ngati kuntchito akudulani ya medikolo eidi kapena mwalowa chifukwa cha viza ya sukulu, musaganize kuti khadi lija likutanthauza kuti zonse ndi zaulere, ayi ndithu.

Njira yoyamba ndi yoti sikimu, ndiye kuti bungwe la medikolo eidi yanu, imalipira yokha chipatala. Dokotala akati mugonekedwe, inuyo imbirani sikimu yanu musanapite, masiku awiri kapena kuposa, mupemphe nambala ya chilolezo. Akufunsani nambala yanu ya umembala, dzina la chipatala, tsiku, nambala ya pulakatisi ya dokotala ndi khodi ya matenda ija amati ICD-10, zonsezi, kupatula nambala ya umembala, kwa dokotala amakupatsani. Pomwepo funsani ngati chipatalacho chili pa netiweki ya pulani yanu, chifukwa zipatala za Netcare, Mediclinic ndi Life Healthcare si zonse zimene pulani iliyonse imavomera, mukalowa cholakwika muwonjezera za m'thumba. Ikakhala ngozi pitani kaye, wachibale aimbe tsiku lomwelo kapena mawa lake.

Koma apa ndi pamene ambiri amalira. Chilolezo chija sichilonjeza kuti bilu yonse ilipidwa. Chipatala chimatumiza akaunti yake, ndiye kuti bilu, wochita opaleshoni yake, wogonetsa tulo yakenso, a magazi nawo yawo. Tiyerekeze wa opaleshoni watchaja R18,000 pomwe mtengo wa sikimu ndi R9,000, yotsalayo ndi yanu, pokhapokha muli ndi gapu kava, inshuwalansi yapadera yothandiza kulipira yotsalayo. Ndiye mufunseni dokotala osachita manyazi, kodi mumatchaja mtengo wa sikimu? Aliyense payekha, makamaka wogonetsa uja amene mumangomuona mphindi zisanu.

Njira inayo mumalipira nokha, madokotala ena ngakhale muwaonetse khadi amafuna kashi basi. Musatuluke ndi kasilipi ka makina kokha, sikimu imakakana. Tengani akaunti yonse yokhala ndi dzina lanu, nambala ya umembala, tsiku, ICD-10, makhodi a chithandizo ndi nambala ya pulakatisi, kuphatikiza lisiti losonyeza kuti mwalipira, apo ayi ndalama zikhoza kupita kwa dokotala m'malo mwa inu. Jambulani bwinobwino, tumizani pa apu kapena imelo, onetsetsani kuti akaunti ya banki imene ali nayo ndi yolondola. Muli ndi miyezi 4 chilandirireni chithandizo, ikadutsa kilemu yafa. A sikimu ayenera kulipira pasanathe masiku 30, ndipo amabweza pa mtengo wawo osati zonse munatulutsa. Akakana popanda chifukwa chomveka kadandauleni ku Council for Medical Schemes, bungwe loyang'anira masikimu.

Chinanso, olowa kumene sikimu ikhoza kukudikiritsani miyezi 3, kapena 12 pa matenda amene munabwera nawo, nthawi imeneyo kilemu zambiri sizidutsa. Ndipo ma pulani otchipa aja opereka ndalama pa tsiku lililonse mwagona m'chipatala si medikolo eidi, chipatala cha pulayiveti chikufunsanibe dipoziti pakhomo.