Malipiro atsika: mapepala oyika pa kalata yopempha banki kusintha kabwezedwe ka ngongole

"A loya, kuntchito atidula malipiro kuyambira mu Marichi. Ndinkalandira K900,000, pano ndi K560,000, koma banki ikudulabe K300,000 mwezi ndi mwezi pa ngongole yomwe chikole chake ndi nyumba yanga. Ndikufuna andisinthire kabwezedwe. Ndiphatikize mapepala anji?"

Bambo, choyamba mudziwe kuti palibe lamulo lokakamiza banki kuvomera pempho lanu. Mgwirizano womwe munasayina ukadali ndi mphamvu, choncho amene akakulankhulireni ndi mapepalawo.

Pamwamba pakhale kalata yochokera kwa abwana anu, yokhala ndi chidindo cha kampani. Inene tsiku lomwe malipiro anatsika, ndalama zakale ndi zatsopano, komanso ngati kudulako n'kwa kanthawi kapena n'kwa mpaka kalekale. Mfundo yomalizayi musaiphonye. Ngati n'kwa miyezi yochepa, mupempha kupumira pang'ono; ngati n'kokhalitsa, mupempha kuti atalikitse nthawi yobwezera. Kalata yongoti "zinthu zavuta pa kampani" ilibe ntchito.

Kenaka ikani mapesilipi atatu a malipiro asanatsike ndi atatu a atatsika, kuti kusiyanako kuoneke ndi maso. Onjezani sitetimenti ya miyezi 6 ya akaunti iliyonse yomwe muli nayo, ya Airtel Money kapena Mpamba yomwe. Apa m'pamene ambiri amadzikola okha: amabisa ngongole ya kwina, osadziwa kuti banki imafunsa ku mabungwe osunga mbiri ya ngongole. Akakugwirani bodza limodzi, mapepala ena onse amawakayikira.

Pepala lomwe anthu amaliiwala ndi bajeti ya pakhomo. Lembani tsamba limodzi: chakudya, fizi, magetsi, madzi, thiransipoti, ndipo ikani malisiti pomwe alipo. Tiyerekeze zonse zakwana K380,000. Pa K560,000 patsala K180,000, ndiye m'kalata yanu yopempha banki tchulani ndalama imeneyo kuti ndi yomwe mungakwanitse. Musalonjeze K250,000 pofuna kuwasangalatsa, chifukwa kulephera kachiwiri kumapweteka kuposa koyamba.

Zotsalazo n'zachidule: fotokope ya chiphaso cha unzika, ya mgwirizano wa ngongole, sitetimenti yoonetsa ndalama zatsala, ndi kalata ya amene anakuikirani umboni ngati alipo, poti kusinthaku kumukhudza. Mapepala enieni sungani kunyumba. Popereka, akudindireni tsiku pa kope yanu.

Podikira yankho musasiye kulipira, ngakhale pang'ono pomwe, chifukwa pempho siliimitsa ngongole. Ngati nyumbayo ili pa malo olembetsedwa m'kaundula wa boma, mukalephera kulipira kwa mwezi umodzi banki ikhoza kukulemberani chenjezo, ndipo pakatha miyezi 3 osakonza, ili ndi mphamvu yogulitsa. Akavomera, funsani ndondomeko yatsopano yolembedwa musanasayine, muone chiwongola dzanja chonse. Ndalama ya pamwezi ikatsika, zaka zimachuluka, ndipo zomwe mudzabweze zonse pamodzi zimakwera.