Phala la nsinjiro: tiyeni tiwerenge zimene zikulowa m'mimba mwa mwana

"Mwana wanga wamkazi ali ndi chaka ndi miyezi 6, akadayamwa, ndipo kusikelo anapezeka ndi makilogalamu 10. Ndimamuphikira phala m'mawa ndi madzulo: masupuni atatu a ufa, supuni imodzi ya nsinjiro ndi kashuga pang'ono, limadzaza kapu. Masana amadya nsima, nthawi zina ndi kanthochi. Apongozi anga akuti nsinjirozo zakwana, koma miyezi iwiri tsopano sikelo yake sikukwera. Ndingadziwe bwanji ngati phalali likumupatsa mphamvu zokwanira?"
Mayi wa ku Mufakose, mumzinda wa Harare

Amayi, mwachita bwino kulemba miyeso yanu, chifukwa ndi miyeso imeneyo tikhoza kuwerengera limodzi osangoganizira. Ndiyambe ndi kukukhazikani mtima pansi: makilogalamu 10 kwa mtsikana wa miyezi 18 ndi sikelo yabwino. Chondidetsa nkhawa ndi mzere wa pakhadi umene waima. M'chaka chachiwiri mwana amawonjezera pafupifupi magalamu 200 pamwezi, ndiye miyezi iwiri yopanda kusintha si yoti tingoiyang'ana.

Mphamvu za m'chakudya timaziyeza ndi makalori. Malinga ndi malangizo a bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO, mwana wa pakati pa miyezi 12 ndi 23 amafuna makalori pafupifupi 900 patsiku. Ngati akuyamwa bwino, bere limamupatsa pafupifupi 350, ndiye 550 otsalawo ayenera kuchokera m'mbale. Nambala ya 550 imeneyi muisunge, ndiyo imene tiyezerepo chilichonse.

Tsopano tilowe mumpoto wanu. Ine ndinayesapo masupuni anga pa kasikelo ka m'khitchini, ndipo supuni yaikulu yosalaza, yosaunjika, imanyamula magalamu pafupifupi 8 a ufa, ndipo nsinjiro nazonso sizisiyana kwambiri ndi pamenepo. Masupuni amasiyana nyumba ndi nyumba, komanso wina akati supuni amatanthauza yodzaza ngati chulu, choncho ngati mnzanu wapafupi ali ndi kasikelo, yesani yanu kamodzi kokha mudziwe. Ufa wachimanga, kaya ndi mgaiwa kaya woyera, uli ndi makalori pafupifupi 360 pa magalamu 100. Masupuni anu atatu ndi magalamu pafupifupi 25, kutanthauza makalori 90. Mtedza uli ndi mphamvu zambiri kuposa chimanga chifukwa pafupifupi theka lake ndi mafuta: makalori cha m'ma 570 pa magalamu 100. Supuni imodzi ya nsinjiro ikupereka 45. Kasupuni ka tiyi ka shuga ndi 16. Mukaphatikiza, kapu yonse ya phala lanu ili ndi makalori pafupifupi 150.

Apongozi anu sakunama. Supuni imodziyo yakweza mphamvu za phala ndi theka, kuchoka pa 90 kufika pa 135, ndipo yabweretsanso zomanga thupi ndi mafuta zimene chimanga chili nazo zochepa. Vuto lili pa madzi. Kapu ya mamililita 250 mwathiramo zouma zosakwana magalamu 40, zotsala zonsezo ndi madzi, ndipo madzi alibe kalori ngakhale imodzi. Kamimba ka mwana n'kakang'ono. Kamanyamula pafupifupi magalamu 30 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake, ndiye wanuyo akadzaza kwambiri ndi magalamu 300, kungopitirira kapu pang'ono. Akamwa phala lamadzimadzi amakhutadi, mimba n'kuti tuu, n'kukana supuni yotsatira, koma chimene chamukhutitsa ndi madzi. Akatswiri amati chakudya cha mwana wa msinkhu umenewu chizikhala ndi makalori osachepera 80 pa magalamu 100 aliwonse. Phala lanu lili ndi 60.

Pali funso limene simunalembe koma ndi lalikulu kuposa onse: kodi amamaliza kapuyo? Ana ambiri samaliza. Lina limatsalira mumpoto, lina pamalaya, lina pansi, lina amalavula mukangoyang'ana kumbali. Ndinaonapo izi kwa mdzukulu wanga kuno ku Highfield. Mayi ake ankati amadya kapu yonse, koma tsiku lina ndinakhala pamphasa n'kumayang'ana, kenaka tinakokota zotsala m'kambale n'kuzibwezera m'kapu, ndipo zinafika pafupifupi gawo limodzi la magawo anayi. Inunso chitani zimenezi kwa masiku atatu: yesani phala ndi kapu musanamupatse, akamaliza muyesenso lotsala. Zimene tiyenera kuwerenga ndi zimene wameza.

Tiyerekeze kuti wanuyo amadya magawo atatu mwa anayi. Ndiye kuti chakudya chimodzi ndi makalori 110, kawiri patsiku ndi 220. Kansima ka masana kofanana ndi kachibakera ka munthu wamkulu, ka magalamu 100, pamodzi ndi ndiwo zamasamba zothira mafuta pang'ono, tingakaike pa 150. Kanthochi kakang'ono ndi 70. Zonse pamodzi ndi 440, ndipo tsiku limene nthochi palibe ndi 370. Pa 550 paja pakupelewera makalori 110 kapena 180 tsiku lililonse. Kwa munthu wamkulu zimenezi si kanthu, koma kwa mwana amene akuyendayenda tsiku lonse n'zokwanira kuimitsa sikelo, iye akuoneka wosangalala ndi wosewera bwinobwino.

Kukonza kwake sikufuna kumuwonjezera kapu yachiwiri, chifukwa alibe pokaika. Kapu ikhale yomweyo, koma zolowamo zichuluke. Ikani masupuni anayi a ufa m'malo mwa atatu, amenewo ndi makalori pafupifupi 120. Nsinjiro zikhale masupuni awiri, 90. Phala likapsa, thiranimo kasupuni ka tiyi ka mafuta ophikira, kamene pakokha kali ndi 40 koma sikawonjezera kuchuluka kwa phala n'komwe. Shuga musawonjezere, kasupuni kamodzi kaja nkokwanira. Kapu yomwe ija tsopano ili ndi makalori pafupifupi 265. Ngakhale asiye gawo lija limene amasiya, wameza 200, kawiri patsiku 400. Mukaphatikiza nsima ndi nthochi mwafika cha m'ma 620, ndipo ngakhale tsiku lopanda nthochi mwafika pa 550.

Mudzadziwa kuti phala lalimba mokwanira pongoyang'ana supuni. Tapani, kenaka pendeketsani. Likamachucha ngati thobwa, madzi achuluka. Likakhala pasupunipo n'kumagwa pang'onopang'ono ngati chibuma chofewa, ndiye lafika. Ana ena amene anazolowera phala lomwera m'kapu amayamba akana lolimba. Musamukakamize ndipo musabwerere kumadzi, limbitsani pang'onopang'ono kwa sabata imodzi. Mafuta aja amathandizanso apa, chifukwa amafewetsa phala kuti lizitsetsereka pakhosi. Pali njira inanso imene agogo athu ankaidziwa: kaufa ka chimera. Mukathira kasupuni kamodzi m'phala lolimba limene laphulidwa n'kuzizirako pang'ono, pakapita mphindi zochepa limasungunuka lokha n'kukhala lamadzi, popanda kuthira madzi ena, ndiye mphamvu zake zonse zimakhalamo. Mukatero libwezereni pamoto liwirenso musanamupatse mwana.

Kuno ku Harare nsinjiro sizipezeka paliponse ngati kumudzi, anzathu Achishona amakonda dovi, chiponde chija, ndipo phala lawo la dovi ndi lomwelo limene tikukambali. Chiponde chili ndi mphamvu zofanana ndi nsinjiro mukayeza ndi sikelo, koma n'cholemera pasupuni: supuni imodzi yosalaza ndi magalamu pafupifupi 16, makalori oposa 90 pang'ono. Choncho supuni imodzi ya dovi ikulowa m'malo mwa masupuni awiri a nsinjiro. Chenjerani ndi ufa wa mtedza wouma kwambiri, woyoyoka ngati ufa wachimanga, chifukwa wina amakhala woti anaufinya mafuta, ndipo mphamvu zake zimatsika kwambiri. Nsinjiro zenizeni mukazifinya m'manja zimagwirana, ndipo mukaziika papepala zimasiya banga la mafuta.

Ngati mumagula mtedza ku Mbare Musika n'kusinja nokha, ndikukupemphani kuti muzikhala pansi ndi lichero n'kusankha umodziumodzi. Wofota, wakuda, woboola ndi anankafumbwe, wachuku kapena wowawa, tayani. Chuku cha mtedza chimatulutsa poizoni wotchedwa afulatokisini, amene amawononga chiwindi ndipo kuphika sikumuthetsa. Sinjani wochepa wokwanira sabata imodzi, sungani m'botolo louma lotseka bwino, ndipo muzisefa kuti zibenthu zisatsale. Mtedza wathunthu musamupatse mwana wamng'ono chonchi, ungamutsamwe.

Nambala ya 550 ija ikudalira bere, ndipo apa mpamene amayi ambiri amapunthwa. Mwana akamangoyamwa kamodzi usiku kuti agone, bere silikumupatsanso 350. Tsiku limene mudzamusiyitse, makalori 900 onse adzayenera kuchokera m'mbale ndi m'kapu, ndipo phala kawiri ndi nsima kamodzi sizidzafika. Mwana wa msinkhu uwu amafunika kudya katatu kapena kanayi patsiku, ndi tizakudya tapakati kamodzi kapena kawiri. Kapu ya mkaka wang'ombe wosachotsa mafuta, wowiritsa, ili ndi makalori pafupifupi 150, dzira limodzi 70, ndipo mbatata yophika kapena peyala zimathandiza kwambiri pakati pa chakudya. Dziwaninso kuti phala la nsinjiro, ngakhale likwane makalori, silikwana pa ayironi wowonjezera magazi ndi vitamini A. Matemba osinja, kachiwindi, dzira, maungu ndi masamba obiriwira ziziwoneka m'mbale mwake masana, ndipo mbaleyo ikhale yakeyake kuti muziona zimene wadya.

Masamu onsewa ndi ongoyerekeza, akhoza kuphonya pang'ono uku kapena uku, ndipo woweruza weniweni ndi khadi la kusikelo. Popeza mzere waima kale miyezi iwiri, musadikire kuti muone kaye zotsatira za phala latsopano. Yambani kuphika lolimbalo mawa, ndipo sabata ino pitani naye kukiliniki ya kwanuko, muwauze anamwino kuti sikelo yaima. Adzamuyeza msinkhu ndi mkono ndi kalamba kaja ka mitundu itatu, n'kuona ngati pali njoka zam'mimba, kuchepa magazi kapena matenda ena obisika amene akudya chakudya chake. Ngati akutsegula m'mimba, akukhosomola nthawi yaitali, akukana chakudya chilichonse, kapena mapazi atupa, pitani lero lomwe. Ngati zonse zili bwino, muyezetseninso pakatha mwezi, ndipo mundilembere kuti supuni yanu inalemera magalamu angati komanso kuti m'kapu mumatsala phala lochuluka bwanji, tidzawerengenso ndi miyeso yanu yeniyeni.