Ndakatulo ikamakana kulowa m'nyimbo

Kalata iyi ndailandira pa imelo kuchokera kwa mlongo wina wa ku Dedza:

"Achimwene, ndinalemba ndakatulo ya mizere 40 yokumbukira malemu mayi anga. Ndikailakatula anthu amagwetsa misozi, koma anzanga a kwaya atayesa kuyiimba mawu akumangothithikana, mpweya n'kutha. Imayamba chonchi: 'Amayi anga ankadzuka tambala woyamba asanalire, / khasu paphewa, / kupita kudimba kuti ine ndipeze fizi ya sukulu.' Ndichite bwanji, ndipo kolasi ndiitenge pati?"

Pepani kwambiri ndi imfa ya mayi, achemwali. Mizere yanuyi ndaiwerenga mokweza kangapo ndipo ilibe vuto ngati ndakatulo. Vuto labwera chifukwa polakatula nthawi ndi yanu: mzere wautali mumauthamangira, waufupi mumaukoka, mukafuna kupuma mumapuma. Poimba nthawi ndi ya ng'oma, ndipo ng'oma siyembekeza munthu.

Tiyeni tiwerenge maphatikizo monga tinkachitira ku pulayimale. Mzere woyamba uli ndi 20, wachiwiri 5, wachitatu 19. Chuni chimene chakwana pa "khasu paphewa" sichingasenze mzere woyambawo, n'chifukwa chake anzanuwo akupuma wefuwefu. Ndiye sankhani muyeso umodzi. Ine ndikanatenga maphatikizo asanu ndi atatu, chonchi:

Tambala asanalire
Amayi khasu paphewa
Awo apita kudimba
Kuti ine ndiphunzire

Onani zimene zagwa. "Anga" wachoka chifukwa aliyense akumva kuti mayiwo ndi a woimbayo. "Ankadzuka" wachoka chifukwa munthu amene wasenza khasu wadzuka kale. "Fizi ya sukulu" yalowa m'mawu amodzi, "ndiphunzire". Ndaikamonso "awo apita", ngati mukuwaloza akutsetsereka pakanjira ka kudimba mame ali mbuu, pakuti nyimbo imakoma zinthu zikamachitika pamaso pa omvera.

Tsopano imani, muziwomba m'manja kanayi pa mzere uliwonse, maphatikizo awiri pa kuwomba kumodzi: KU-ti I-ne NDI-phu NZI-re. Kuwomba kwachinayi kwagwera pa "nzi", ndipo mpomwe pafunika. Chichewa chathu chimakoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto, makamaka pothera pa chiganizo. Timati paPHEwa, kuDImba, asanaLIre. Yesani kuchotsa "a" mu mzere wachiwiri kuti utsale ndi maphatikizo asanu ndi awiri: MA-yi KHA-su PA-phe WA. Mwamva? Dzanja lagwera pa "wa", mawu atuluka ngati akuimba ndi mlendo amene waphunzira Chichewa dzulo. Pakati pa mzere khutu limakhululuka, koma pothera silikhululuka. Mzere uliwonse umene a kwaya akupunthwapo, muyambe mwayang'ana pamenepo.

Chenjeraninso ndi malembo a liwu akakumana. Papepala "tambala asanalire" ndi maphatikizo asanu ndi atatu, koma pakamwa "la" ndi "a" amamerana n'kukhala "laa". Apa zatikomera chifukwa "laa" wautaliyo akudzaza malo a awiri. Pena zimakuberani phatikizo osadziwa, pena zimakupulumutsani, monga "ndi amayi" akasanduka "n'amayi". Choncho muziwerenga ndi pakamwa, osati ndi maso okha. Komanso chuni chimatha kufafaniza kukweza ndi kutsitsa kwa liwu kumene kumasiyanitsa mtengo wa m'tchire ndi mtengo wa pamsika, ndiye mawu oterewa aziyenda ndi anzawo owamasulira.

Mukatha mzere wombaninso kanayi popanda mawu atsopano. Apo ndi popumira, kapena pokokera liwu lomaliza, kapena polowera ovomera. Izi zikutifikitsa pa nkhani yowawa, ya kuchuluka kwa zimene mutaye. Pa liwiro la kuwomba ka 100 pa mphindi, mzere umodzi ndi mpumulo wake zimadya pafupifupi masekondi asanu. Mavesi atatu a mizere isanu ndi itatu ndiye mphindi ziwiri. Kolasi ya mizere inayi yobwera kanayi ndi masekondi 80. Onjezani poyambira ndi polira zing'wenyeng'wenye, mphindi zinayi zakwana. Mawu atsopano onse ndi mizere 28 yaifupi, maphatikizo 224. Ngati mizere yanu 40 ili ndi maphatikizo pafupifupi 15 uliwonse, ndiye kuti muli ndi 600. Pafupifupi magawo awiri mwa atatu atsala kunja. Ndikudziwa kuti mzere uliwonse wonena za mayi ndi wovuta kuusiya, koma ndakatuloyo simukuing'amba, ikhalapobe yathunthu. Sankhani zithunzi zitatu zokha, vesi iliyonse chimodzi: kudimba m'mamawa, tsiku limene munapita ku sukulu, ndi tsiku lowaperekeza.

Kubwereza nako kumasintha ntchito. M'ndakatulo timakonda kubwereza chiyambi cha mzere, "ndikukumbukira, ndikukumbukira", kenako n'kusintha zotsatira, ndipo ukabwereza mzere wonse kanayi omvera amayamba kuona ngati mawu akuthera. M'nyimbo mzere wonse umabwerera, mawu omwewo pa chuni chomwecho, chifukwa womvera alibe pepala loti abwererepo, ndiponso akufuna kuimba nawo. Ife izi si zachilendo. Nyimbo za pamtondo, za chimtali ndi za m'nthano zimayenda chomwecho: woyambitsa amasinthasintha mawu, ovomera amagwira mzere umodzi osausiya. Vesi ndi ya woyambitsa, kolasi ndi ya gulu.

Kolasi musaifunefune pa mzere wanzeru kwambiri. Ambiri amathamangira mzere womaliza wa ndakatulo poti ndi umene umachititsa anthu kulira. Wanu mwanditumizira uja ukuti, "Lero manja aja agona, ndipo ndilibe chowabwezera." Polakatula ndi wamphamvu chifukwa umabwera kamodzi, pamapeto, anthu asakuuyembekezera. Mukauika m'kolasi, imfa ya mayi imveka vesi yoyamba ikangotha, iwo akadali panjira ya kudimba, ndipo vesi yachitatu idzafika ilibe chonena. Kolasi iyenera kukhala yoona pambuyo pa vesi iliyonse. Tengani mtima wa mzerewo, nkhani ya imfayo muisiye:

Manja aja, manja aja
Ndibweza chiyani ine?

Mizere yonse iwiri ili ndi maphatikizo asanu ndi atatu, ndipo mukaiimba kawiri yakwana inayi. Woyamba ndi wa woyambitsa, wachiwiri wa ovomera. Ikabwera pambuyo pa vesi ya kudimba ikumveka ngati kuthokoza. Pambuyo pa vesi ya sukulu ikumveka ngati lonjezo la mwana amene akuti akadzakula adzawasamala. Mawu oti "agona" muwasungire vesi yachitatu yokha, ndipo kolasi yomweyo, osasinthamo kanthu, idzasanduka kulira. "Manja aja" ilinso ndi mwayi woti ndi "a" yekhayekha, kamwa limatseguka, munthu angathe kulikoka liwulo mokweza osatsamwa, zimene zimavuta pa "i" kapena "u".

Chuni cha kolasi chikwereko pang'ono kuposa cha vesi kuti anthu adziwe kuti nthawi yawo yolowa yakwana. Mukakumana ndi a kwaya, musawapatse pepala tsiku loyamba. Imbani vesi yoyamba nokha mukuwomba m'manja, kenako kolasi kawiri, mupitirire vesi yachiwiri. Kolasi ikamabweranso khalani chete pa mzere wa ovomera, mumvetsere. Akalowa okha ndiye kuti yagwira. Akayang'anana, ifupikitseninso, ndipo mundilembere mawu amene apunthwapowo kuti tiwawerengere limodzi.