Thumba la indekisi kapena la manijala: machaji a 2 peresenti amadya zingati?

Funso: "Abale anga a pagulu pano, ndili ku Joni kuno ndipo ndasunga R100,000 yomwe sindikufuna kuigwira kwa zaka 20. Mlangizi wina wa zachuma akuti ndiike m'thumba loyendetsedwa ndi manijala, machaji onse 2 peresenti pachaka, ndipo wandionetsa pepala loti thumbalo laposa msika zaka zisanu zapitazi. Mnzanga wa kuntchito akuti ndingogula indekisi fandi pafoni. Kodi 2 peresenti n'kanthu ngati manijalayo ndi katswiri?"

Achemwali, 2 peresentiyo n'kanthu ndithu, ndipo tiyambire pomwepo chifukwa ndi chinthu chokhacho pa nkhani yonseyi chomwe mungachidziwiretu lero.

Ambirife timamva ngati machajiwo amadulidwa pa phindu. Ayi, amadulidwa pa ndalama yonse yomwe ili m'thumbamo, chaka chilichonse, kaya thumba lapindula kaya laluza. Zili ngati waganyu amene satenga gawo la zokolola za chaka chimenecho, koma amalowa m'nkhokwe momwemo n'kutapa gawo la chimanga chonse, chakale ndi chatsopano, ngakhale chaka cha chilala. Ngati msika wakula ndi 10 peresenti, iye n'kutenga 2, ndiye kuti wakudyerani gawo limodzi mwa magawo asanu a phindu lanu.

Tiwerengere pa ndalama yanu yomweyo. Tingoyerekeza kuti msika ukukula ndi 10 peresenti chaka chilichonse. Nambala imeneyi ndangoisankha kuti masamu aoneke, msika weniweni suyenda mowongoka chonchi. Tinenenso kuti thumba la indekisi, lomwe limangotsata msika popanda manijala wosankha masheya, likukudulani 0.3 peresenti, ndipo manijala wanuyo akupeza zofanana ndendende ndi msika asanachotse machaji ake. Ndiye kuti ndalama ina ikukula ndi 9.7 peresenti, ina ndi 8. Chaka choyamba kusiyana kwake ndi R1,700 basi, yomwe munthu sangadandaule nayo. Pofika zaka 10, ya ku indekisi ili pafupifupi R252,000 pomwe ya kwa manijala ili pa R216,000. Pofika zaka 20 zanuzo, ina ili pa R637,000, ina pa R466,000. Kusiyana kwa R171,000, kuposa ndalama yonse yomwe munayamba nayo. Chikuchitika n'choti landi iliyonse yomwe yadulidwa chaka chino imapita pamodzi ndi ana omwe ikanabereka zaka zonse zotsalazo.

Choncho funso loti manijalayo ndi katswiri kapena ayi silikwanira. Iye ayenera kuposa msika ndi 1.7 peresenti chaka ndi chaka, kwa zaka 20, kuti mungofanana ndi mnzanu wogula pafoni uja. Mudzayamba kupindula naye pokhapokha akadutsa pamenepo.

Nanga alipo angati amene amatha zimenezi? Pano pali mfundo ina yomwe William Sharpe, katswiri wa zachuma wa ku America yemwe analandira mphoto ya Nobel, anailemba mu 1991, ndipo ndi yosavuta moti imakwiyitsa. Masheya onse a pamsika ali m'manja mwa wina wake. A indekisi amagula pang'onopang'ono kampani iliyonse ya pa mndandanda, mogwirizana ndi kukula kwake, ndiye amapeza zomwe msika wapeza. Otsalawo, omwe amasankha okha masheya, mukawaphatikiza onse pamodzi nawonso ali ndi msika womwewo. Wina akagula sheya yomwe yakwera, pali wina amene waigulitsa isanakwere. Ndiye asanachotse machaji, landi ya m'manja mwa osankha imapeza zofanana ndi msika mukatenga pakatikati. Akachotsa malipiro a manijala, a ofufuza makampani, ndi ndalama zogulira ndi kugulitsira masheya kawirikawiri, imatsalira kumbuyo. Si kuti mamanijala ndi mbuli, ambiri ndi anthu anzeru kwambiri. Vuto ndi loti akupikisana okhaokha.

Zotsatira zenizeni zimagwirizana ndi masamuwa. Kampani ya S&P Dow Jones Indices yakhala ikutulutsa malipoti otchedwa SPIVA kuyambira mu 2002, oyerekeza matumba a mamanijala ndi maindekisi awo. Kwa matumba a ku America ogula makampani akuluakulu, mukayang'ana zaka 15, pafupifupi asanu ndi anayi mwa khumi aliwonse amatsalira kumbuyo kwa indekisi ya makampani akuluakulu 500 yotchedwa S&P 500. M'chaka chimodzi chokha mamanijala ambiri ndithu amatha kupambana, koma zaka zikamachuluka opambanawo amanka nachepa. Malipotiwa amawerengeranso matumba omwe anatsekedwa kapena kuphatikizidwa ndi ena panjira. Zimenezi n'zofunika, chifukwa thumba lomwe lachita manyazi silikhalitsa pa kabuku ka kampani. Mlangizi amakuonetsani ana amoyo okha, manda sakuonetsani.

Mwina munamvapo za kubetcherana kwa Warren Buffett, mpondamatiki wa ku America wotchuka pa zogula masheya. Anabetcha madola 1 miliyoni ndi kampani ya Protégé Partners kuti thumba wamba la Vanguard lotsata S&P 500 lidzaposa matumba asanu omwe iwo adzasankhe okha, kuyambira mu Januwale 2008 mpaka kumapeto kwa 2017. Chaka choyambacho indekisi inagwa ndi 37 peresenti, ndipo matumba a akatswiriwo anagwa pang'ono poyerekeza. Aliyense woyang'ana mu 2009 akanati Buffett waluza. Pomaliza zaka khumizo indekisi inali itakula ndi pafupifupi 126 peresenti, pomwe asanu aja, kuwatenga pakatikati, anakula ndi pafupifupi 36. Ndivomereze kuti matumba amenewo anali amtundu wodula kwambiri, odulidwa machaji kawiri, osati ngati lomwe akukugulitsani inu. Komabe taonani 37 peresenti ya chaka choyambayo, ndibwererako.

Tsopano pepala la zaka zisanu lija. Limeneli ndi lomwe limatikola ambiri, ine ndemwe linandikola. Nditangoyamba kusunga ndalama kunoko ndinasankha thumba lomwe linali pamwamba pa mndandanda wa chaka chimenecho, ndipo zaka zotsatira linangokhala lapakatikati, machaji okha ndi omwe sanasinthe. Pa matumba mazanamazana, ena ayenera kupambana zaka zisanu zotsatizana ngakhale mwa mwayi chabe, ndipo papepala mwayi ndi luso zimaoneka chimodzimodzi. Ngakhale mbiri yaitali sikutetezani. Bill Miller wa thumba la Legg Mason Value Trust anaposa S&P 500 zaka 15 zotsatizana, kuyambira 1991 mpaka 2005. Mu 2008 thumba lakelo linataya ndalama yoposa theka, ndipo amene anapwetekeka kwambiri ndi omwe analowa mochedwa atamva kutchuka kwake. A ku Britain pagulu pano akukumbukira manijala Neil Woodford, amene anachita bwino zaka zoposa 20 asanatsegule kampani yake. Mu Juni 2019 thumba lake lalikulu linaimitsidwa, anthu osatha kutulutsa ndalama zawo, ndipo kenako linathetsedwa anthu ataluza. Mamanijala opambana msika alipo, sindikukana. Chovuta ndi kumudziwa lero amene adzapambane zaka 20 zikubwerazo, komanso kuti adzakhala akadali pampandopo, osapuma kapena kusamukira kwina. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo. Machaji otsika ali pamphuno, lonjezo loposa msika likadali pachala.

Koma mnzanu wa kuntchito asakupusitseninso kuti indekisi ilibe minga. Siyesa n'komwe kukutetezani. Msika ukagwa ndi 37 peresenti, R100,000 yanu imaoneka R63,000 pafoni, ndipo palibe woti mumuimbire. Amene amagulitsa pa nthawi imeneyo amataya zambiri kuposa machaji a zaka zonse. Apa ndi pomwe mlangizi wabwino amayenera malipiro ake, pokugwirani dzanja kuti musagulitse mwamantha. Koma dziwani kuti ntchito imeneyo ndi yosiyana ndi yosankha masheya, ndipo mukhoza kulipira mlangizi ndalama yanu ili m'thumba la indekisi.

Munga wina ndi wa kunoko. Msika wa masheya wa ku Joni kuno, JSE, ndi waung'ono poyerekeza ndi wa ku America, ndipo makampani ochepa amalemera kwambiri pa mndandanda. Thumba la indekisi la Satrix 40, lomwe linayamba mu 2000, limatsata makampani 40 akuluakulu, koma panali nthawi yomwe kampani ya Naspers yokha inkatenga gawo loposa limodzi mwa asanu a indekisiyo, makamaka chifukwa cha masheya ake mu kampani ya ku China ya Tencent. Munthu ankaganiza kuti wamwaza ndalama m'makampani 40 pomwe tsogolo lake latsamira pa imodzi. N'chifukwa chake pali maindekisi okhala ndi mawu oti Capped m'dzina, omwe amaika malire pa kukula kwa kampani imodzi, ndiponso chifukwa chake ambiri amagawa ndalama, ina kunoko ina m'thumba lotsata misika ya dziko lonse monga MSCI World. Ine pa ndalama ya zaka 20 ndikanachita chomwecho, ndipo gawo lomwe lamulo limalola pachaka ndikanalidutsitsa mu akaunti yosadulidwa msonkho ija, yomwe boma la kuno linayambitsa mu 2015, ngati mapepala anu akukulolani kuitsegula.

Musanasaine kanthu, bwererani kwa mlangiziyo mukapemphe pepala la thumbalo, lomwe pamwamba pake pamalembedwa Minimum Disclosure Document. Mupezapo TER, omwe ndi machaji oyendetsera thumba, ndi TIC, yomwe ndi TER kuphatikiza ndalama zogulira ndi kugulitsira masheya. Yang'anani TIC. Onaninso ngati pali machaji owonjezera omwe manijala amatenga akachita bwino, chifukwa kawirikawiri amenewo sabwezedwa chaka chomwe wachita moipa. Kenako pezani mzere wolembedwa Benchmark, womwe ndi muyeso womwe thumbalo likudziyerekeza nawo. "Laposa msika" uja ndi msika uti? Thumba lodzaza masheya lomwe likudziyeza ndi kukwera kwa mitengo ya zinthu kapena ndi matumba anzake odula ladzisankhira mpikisano wosavuta. Yerekezani nokha zotsatira zake za zaka 10, machaji atachotsedwa, ndi za thumba la indekisi logula masheya amtundu womwewo.

Pomaliza mupempheni EAC yolembedwa. Nambala imeneyi imaphatikiza zonse, za thumba, za mlangizi ndi za kampani yosunga akaunti yanu, ndipo imaonetsa mtengo wake mukatuluka patatha chaka chimodzi, zitatu kapena zisanu. Nthawi zambiri 2 peresenti yonenedwa pakamwa imakula ikafika papepalapo. Ngati nambala ya chaka choyamba ili yaikulu kwambiri kuposa zinazo, ndiye kuti pali ndalama yodulidwa polowa kapena chindapusa chotulukira msanga, ndipo mwina chomwe akukugulitsani ndi polise ya inshuwalansi yokhala ndi thumba mkati mwake. Mukailandira, ijambuleni mutabisa dzina ndi nambala zanu, muiponye pano tiiwerengere limodzi pa R100,000 yanuyo.