Pabedi la wodwala musathamangire "muchira"

"Abale ndithandizeni. Apongozi anga aakazi agonekedwa ndi khansa ya khomo la chiberekero ndipo madokotala ati yafalikira. Loweruka ndikukawaona koma sindikudziwa kuti ndikawalonjere bwanji, sindikufuna kukawanamiza kuti achira."

Iii achemwali mwanditokosa pachilonda, ndikulemba pano misozi ili m'maso. Mayi anga ndinawadwazika matenda omwewo masabata asanu, ine gadiyani, kugona pansi pambali pa bedi pa katoni ndi chitenje, ndiye moni wa anthu obwera kudzazonda ndaumva wamtundu uliwonse.

Mukafika muyambe mwaonana ndi gadiyani panja pa wadi, mumufunse kuti usiku wadutsa bwanji, amwa phala kapena ayi, akulankhula kapena atopa. Chachikulu mufunse kuti eni akewo auzidwa zotani, chifukwa kwathu kuno nthawi zambiri achibale amadziwa zonse wodwala asakudziwa kanthu, ndiye mukhoza kuphulitsa nkhani imene si yanu. Mukalowa musaime pamutu pawo ngati wapolisi, gwadani kapena khalani pansi kuti nkhope zanu zilingane, ndipo pabedi musakhalepo, mungakoke diripi kapena chubu cha mkodzo. Moni wake ndi womwe uja wa masiku onse, "amayi mwadzuka bwanji, m'thupimu mukupeza bwanji lero?" Mawu oti lero amenewo musawasiye, munthu woteroyo sangayankhe za moyo wake wonse koma za lero amatha. Ndiye mukafunsa DIKIRANI. Adzati "ndilipo" kapena "pang'ono", poti akuluakulu athu sadandaula kwa mpongozi, koma mukakhala chete kamphindi zenizeni zimatuluka, "m'chiunomu usiku sindinagone." Pamenepo inu ndi "pepani amayi, zikupweteka ndithu", basi. Osawonjezera.

Ine chimene sindidzaiwala ndi Lamlungu lina masana. Mayi anali atauzidwa ndi adokotala kuti opaleshoni siingathekenso, chatsala ndi kuchepetsa ululu, ndipo anazilandira kuposa ife ana. Ankamwa mofini wamadzi uja maola anayi aliwonse, ndiye akamwa pakapita kanthawi ululu umatsika, mutu uli bwinobwino, ndi nthawi yokhayo imene ankatha kucheza. Tsikulo anandigwira dzanja nati "iwe, pali zoti ndikuuze za munda wa kudimba ndi za mwana uja", kunena mdzukulu wamasiye amene ankamulera. Atangoyamba choncho kunalowa azakhali anga ndi azimayi anzawo asanu, mapoto m'manja. Azakhali atamva mawu oti "ndikapita" anawadula pakamwa, "aaa mlamu musatero, mukuitana imfa ndi pakamwa panu, izi zachepa, sabata yamawa mukhala mukupalira chimanga, mwanenepatu kusiyana ndi tsiku lija." Kunenepa! Munthu mafupa okhaokha, mphete yaukwati tinaivula chifukwa inkangogwa yokha. Mayi anangowayang'ana. Kenako nsima ya mgaiwa ndi nkhuku pabedi, "idyani mupeze mphamvu, mukudziwa kale kukana chakudya ndi kugonja", pamene masipuni atatu a phala ankawabweza. Anadzikakamiza mbamu imodzi kuchitira ulemu alendo, nasanza pa chitenje chawo pamaso pa anthu onsewo. Mayi wina anaika mpango pamphuno, chifukwa matendawa akafika patali amatulutsa madzi onunkha kumusi ndipo ngakhale muwasambitse kangati fungo silitheratu, ndipo mayi anamuona. Anamuona ndithu. Pemphero linatenga mwina theka la ola, mokuwa, kulamula matenda kuti atuluke lero lomwe, odwala a mabedi oyandikana akungotembenuka. Potuluka azakhali, khomo lomwelo mayi akumva, akundinong'oneza "mwanawe konzekani, apa palibe munthu." Ndiye bodza lonse lija linali la ndani?

Atapita ndinati amayi pitirizani zija mumanena. Anatembenukira kukhoma nati "zisiye, akuti ndichira." Sanazitchulenso. Patatha masiku asanu ndi anayi anatisiya, ndipo dimba lija mpaka lero abale akukanganirana, mwana uja wazungulira makomo atatu. Azakhaliwo pamaliro ndi amene ankalira kwambiri mpaka kugwidwa ndi anthu awiri. Timalankhulana inde koma mumtimamu sindinawakhululukire, ndisaname.

"Muchira" uja amatonthoza wonenayo osati wodwala. Wodwala thupi ndi lake, akudziwa mmene likuthera, ndiye mukamuuza kuti akuoneka bwino amangozindikira kuti uyunso sindingamuuze zoona, nkuyamba kukusekererani kuti inuyo musadandaule. Tangoganizani munthu ali pa ululu nkumagwiranso ntchito yosangalatsa alendo. Mukaona akungoti "eya, zikomo, Mulungu alipo" maso ali kudenga kapena atseka maso asakugona, dziwani kuti mwawatopetsa kapena mwawatseka pakamwa.

Amene anatithandiza anali mayi wina woyandikana naye nyumba, wosaphunzira nkomwe. Ankabwera yekha, kukhala pansi, "anzanga ndabwera kudzakuonani, nkhuku zanu ndikuzitsekera, mbuzi ija yaswa awiri." Mayi ankamwetulira zenizeni. Tsiku lina anamufunsa kuti kodi iwe ukuona ngati ndidzatuluka muno? Iye sanati eya sanati ayi, anangoti "inu mukuona bwanji?" Mayi analankhula yaitali, iye akungowasisita mapazi ndi mafuta. Pochoka anati "ndibweranso Lachinayi", ndipo Lachinayi anabweradi. Lonjezani zokhazo zimene zili m'manja mwanu, zoti mubweranso, zoti ana mukuwasamala, zoti mwana wawo akudya. Kuchira kulibe m'manja mwanu.

Zonyamula musavutike ndi nsima. Kafulasiki ka phala lamadzimadzi, nthochi kapena papaya wakupsa poti mofini amadzimbitsa, sopo, zitenje ziwiri zochapa chifukwa zimatha msanga, ndi kandalama ka gadiyani, ameneyo aliyense amamuiwala. Akakana kudya musakakamize, anyowetseni milomo ndi kansalu koyera. Akati ululu wakula musati limbani mtima, pitani mukauze anesi, ndipo mufunse ngati pachipatalapo pali gulu losamalira odwala matenda osachiritsika, ngati a Tiyanjane aku Queens kapena a Ndi Moyo ku Salima, amenewo amadziwa kukamba nkhani zovutazi ndi banja lonse. Pemphero funsani kaye ngati akulifuna, lalifupi, motsitsa mawu. Mphindi 15 kapena 20 zakwana, pokhapokha akugwireni dzanja okha.

Komanso musapite ndi nkhope ya maliro kapena kukalira pabedipo, nazonso zimaopsa. Ndipo akanena okha kuti "ndikachira ndidzabwera kwanu kudzaona adzukulu", musawakonze ayi, muziti "tidzakondwa amayi." Si ntchito ya mpongozi kukalengeza zimene adokotala ananena. Inenso amene ndikulalika panoyu, usiku womaliza mayi akupuma movutika anandifunsa kuti kodi tipita liti kunyumba, ndinati mawa amayi, mawa tikupita, galimoto ndapeza kale. Anagwedeza mutu nagona. M'mawa mwake tinapitadi, iwo ali m'bokosi kumbuyo kwa lole, ine nditafukata fulasiki ya phala lomwe sanamwe.